Tinaseka Ambuya a Eni Ake m'Basi ya ku Chimwemwe

Lachiwiri lapitali madzulo ndinakwera basi m'tauni ya Kitwe kupita ku Chimwemwe. Tinali titapanikizana anayi pa mpando monga mwa masiku onse, ndipo mukudziwa kuti m'basi foni ya mnzako ndi yako yomwe, maso amangogwerapo okha. Mnyamata amene anakhala pambali panga anali kuona chithunzi cha ambuya ena ovala duku ndi chitenje chatsopano, atakumbatira mtsikana wovala gauni ya giraduweshoni. Ambuyawo anali kumwetulira mpaka m'maso. Amayi ena kumbuyo kwathu anasuzumira n'kunena kuti, "Awe mwandi, Mulungu ndi wabwino."

Mnyamatayo anakankha chithunzi ndi chala, mawu a pansi n'kuonekera. Anati: "Mwa adzukulu onse, uyu yekha ndiye ambuya analephera kumudya."

Mpando wonse unafa nako kuseka. Sindinama, nanenso ndinaseka. Foni inayamba kuyenda m'manja kupita kutsogolo, mpaka inafika kwa amayi ena amene anali ndi dengu pamiyendo. Iwo sanaseke. Anayang'anitsitsa n'kunena kuti, "Mwana wanga, awa ndimapemphera nawo. Amagulitsa ndiwo zamasamba. Chaka chatha anaika mdzukulu wawo wamwamuna." M'basi munati zii. Ngakhale kondakita analeka kuliza makobili m'manja.

Kuyambira tsikulo ndakhala ndikuganiza za nthabwala za mtundu umenewu, zimene zadzaza m'mafoni athu: chithunzi chokoma pamwamba, mawu olasa pansi. Mwana wogona mwamtendere, ukwati wa pa tchalitchi, bambo atanyamula kamwana kawo paphewa, kenaka mzere umodzi wonena za ufiti, chigololo, matenda kapena imfa. Maganizo anga ndi akuti vuto si kuseka zinthu zowawa. Vuto ndi nkhope imene tabwereka kuti tisekere.

Tione kaye mmene msampha wake umagwirira. Diso limafika pa chithunzi lisanawerenge mawu, ndipo pa foni mawu nthawi zambiri amakhala pansi, mpaka ukankhe ndi chala. Pa kamphindi kameneko mtima umatseguka: wakumbukira ambuya ako a ku Petauke, wakumbukira tsiku limene mng'ono wako anamaliza sukulu. Imeneyo ndiyo nyambo. Mawu a pansi ndiwo mbedza. Chimene timaseka kwenikweni ndi kugwa kwathu, kuti tinali titayamba kale kunena "ameni" pomwe wina anali kutitchera. N'chifukwa chake wolemba amasankha dala chithunzi choyera kwambiri. Ambuya okwiya sangaseketse munthu. Pafunika ambuya okondwa, pa tsiku labwino koposa m'moyo wawo. Chithunzi chikakoma kwambiri, mbedza imalowanso kwambiri.

Ena adzati, "Iwe, ndi nthabwala chabe, kuno ku Kopala timaseka chilichonse." Zoona, ndipo sindikufuna kuti tileke. M'chaka cha 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, makomboni ambiri ankaona malaiti maola atatu okha pa tsiku. Ndinalandira chithunzi cha mwamuna ndi mkazi akudya nsima poyatsa kandulo, ngati anthu a m'filimu ya chikondi, pansi pake ati: "Wokondedwa, idya msanga, kandulo iyi ndi ya kaloba." Kapangidwe n'kamodzimodzi, nyambo ndi mbedza. Koma taonani amene mbedza yamukola: ndi tonse amene tinali mumdima ndi nkhongole. Palibe amene anadzuka m'mawa mwake aneba akumuloza chala. Nthabwala ya kanduloyo inatipeputsa mtolo. Ya ambuya ija inatenga mtolo n'kuusenzetsa munthu mmodzi amene sanafunsidwe.

Ndiponso ife a kum'mawa tilibe chifukwa chophunzirira kunyozana pa foni, pakuti tili nacho kale chimbuya. Ine Mbemba akandiona ku Chisokone amandifunsa ngati ndatsiriza mbewa za m'mawa, ine n'kumufunsa ngati anyani atsalako kwawo. Pamaliro pomwe timapakana unga kumaso, kusekana pamene ena akulira. Mlendo atamva angaganize kuti ndi nkhanza. Koma chimbuya chili ndi malamulo ake. Amene ukumunyoza ali pomwepo, akukuona. Ali ndi ufulu wokubwezera, ndipo amabweza ndithu. Chachikulu, amene wakuseka pamaliro ndi yemweyo amene agwire fosholo kumanda ndi kusonkha moto wa nsima ya olira. Kunyozako amakulipira ndi thukuta.

Manje yesani chithunzi cha ambuya aja pa muyeso umenewo. Iwo panalibe. Sangabweze, mwina alibe ndi foni yoonera zithunzi yomwe. Ndipo amene analemba mawuwo sadzabwera kudzagwira fosholo. Chatsala ndi chipongwe chokhachokha, chopanda ubale.

Njira imene chithunzi chotere chimayenda tonse tikuidziwa. Mtsikana amaika chithunzi pa sitetasi ya WhatsApp kuti athokoze ambuya amene anamulipirira sukulu ndi ndalama za repu ndi tomato. Mmodzi mwa amene ali ndi nambala yake amajambula sikirini, n'kuwonjezera mzere wake, n'kuponya m'gulu la anzake a kusekondale. Poyamba amene akuseka amamudziwa mtsikanayo, ndipo mwina akuganiza kuti akuseka mnzawo chabe. Koma wina amachitumiza ku gulu la okonda Nkana, wina ku gulu la kuntchito ku Ndola, ndipo pofika Loweruka chili ku Masala ndi ku Chifubu, kwa anthu amene sadziwa kalikonse za banjalo. Pa foni ya mnyamata uja pamwamba pa chithunzi panalembedwa kuti "Forwarded many times". WhatsApp imaika mawu amenewo uthenga ukadutsa m'manja motsatizana kasanu kapena kuposa. Kenaka chithunzi chimazungulira n'kubwerera kukomboni kumene ambuya amakhala, ndipo kumeneko sichifika ngati nthabwala. Chimafika kwa anthu amene akudziwa kuti pakhomopo panagwadi maliro.

Apa ndiye pali ngozi yeniyeni. M'dziko muno okalamba amamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, ena kuphedwa kumene, chifukwa wina wawatchula kuti ndi mfiti. Sizitengera umboni. Zimangofuna imfa imodzi m'banja ndi anthu angapo onong'ona. Chithunzi chija chili ndi zonse ziwiri, ndiponso chili ndi nkhope. Makasitomala akayamba kulambalala tebulo lawo pamsika, ambuyawo sadzadziwa n'komwe kuti zachokera kuti.

Kunja kuli munthu mmodzi amene nthabwala zoterezi zinamugwera n'kupulumuka, ndipo nkhani yake imaphunzitsa. András Arató, injiniya wa zamagetsi wa ku Hungary wobadwa mu 1945, anavomera kujambulidwa zithunzi zogulitsa kwa otsatsa malonda: nkhalamba yaukhondo ikumwetulira, kapu m'manja, kompyuta patsogolo. Anthu anaona ngati kumwetulirako kukubisa ululu, n'kuyamba kulembapo mawu a chisoni ndi ena onyansa. Anamupatsa dzina loti Hide the Pain Harold. Mwina munamuonapo osadziwa kuti ndi munthu weniweni wa mkazi ndi mwana. Kwa zaka zingapo anangokhala chete kudikira kuti anthu amuiwale, koma sanamuiwale. Mu 2016 anadziulula yekha, ndipo pambuyo pake makampani anayamba kumulipira kuti awatsatsire malonda. Koma onani kusiyana kwake. Iye anajambulidwa mwa kufuna kwake, ndi wophunzira, ndipo kwawo palibe amene amawotcha nyumba ya munthu chifukwa cha mawu a pa chithunzi. Ngakhale zinali choncho, zinamutengera zaka kuti azivomereze. Nanga ambuya ogulitsa repu adzayambira pati?

Malamulo alipo. Lamulo lathu la za ufiti, chaputala 90 cha malamulo a Zambia, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Lamulo la milandu ya pa intaneti la 2021 linaletsa kuzunza munthu pogwiritsa ntchito foni kapena kompyuta, ndipo mu Epulo 2025 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano. Koma ine sindikuitana apolisi kuti adzayeze nthabwala zathu. Maloya ndi atolankhani adandaula kale kuti malamulo amenewa angagwiritsidwe ntchito kutseka pakamwa anthu odzudzula boma, ndipo ndikuopa kuti woyamba kugwidwa angakhale uja wa kandulo ya kaloba, osati uja wa ambuya. Komanso ndi nkhalamba iti imene idzasiye tebulo lake tsiku lonse kukadandaula za chithunzi chimene chadutsa m'mafoni osawerengeka?

Polisi wa nkhaniyi ndi chala chanu, pa kamphindi kaja mwaseka kale koma simunatumize. Yang'ananinso chithunzicho. Ngati kumbuyo kukuoneka mpanda wa mabuloko ngati wa kwanu, chitenje cha chigwirizano cha amayi a kutchalitchi, yunifomu ya sukulu imene mukuidziwa kapena nambala ya galimoto ya kuno, dziwani kuti ameneyo si munthu wa m'filimu, ndi neba wa winawake. Ndiyeno funsani kuti mawuwo akuseka chiyani: mavuto athu tonse, kapena akuika mlandu pa munthuyo, wa ufiti, wa chiwerewere, wa matenda, wa kuti mwana si wa bambo ake? Ngati nkhope ndi yeniyeni ndipo mawu ndi mlandu, chithunzicho chifere pa foni yanu. Ngati ndinu adimini wa gulu, WhatsApp imakulolani kufafaniza uthenga wa wina ndi "Delete for everyone", koma mwayiwo umatha pakapita masiku awiri, choncho musadikire Sande. Pa Facebook pali "Report". Ndipo amene wakutumizirani muuzeni mawu ochepa chabe: "Awa ndi ambuya a eni ake."

Mnyamata uja sanali woipa. Foni itabwerera kwa iye anati, "Amayi, pepani, nanenso anangonditumizira." Amayiwo anayankha kuti, "Nonse mumakamba choncho." Anatsika pa siteshoni yotsatira, dengu pamutu. Ndinaona mnyamatayo akufafaniza chithunzicho, koma anali atachitumiza kale ku magulu awiri tisananyamuke m'tauni. Ine ndinalibe chofafaniza. Kuseka kwanga kunali kutatuluka kale, ndipo amayi aja anakumva.