Chikalata cha Madandaulo: Foni Zatsopano Zikukanidwa pa Waifai ya Hositelo ku Makeni

Kwa eni nyumba ndi oyang'anira hositelo, kuchokera kwa ophunzira okhala pa hositeloyi, Makeni, Lusaka.

Ophunzira amene asayina chikalatachi amalipira lendi mwezi ndi mwezi, ndipo polowa m'zipinda anauzidwa kuti waifai ili m'kati mwa ndalamayo. Dandaulo lawo ndi lakuti aliyense amene wagula foni yatsopano akulephera kulowa pa netiweki, pamene mnzake wa bedi loyandikana, wa foni yakale yong'aluka galasi, akutsitsa manotsi popanda vuto. Akapita ku ofesi kukadandaula, yankho ndi limodzi: foni yanu ndi yabodza, kabwezeni kumene munagula. Ophunzirawa akukana yankho limeneli, ndipo ali ndi zifukwa.

Nkhani ya mtsikana wina wophunzira unamwino ndi imene yawadzutsa. Anagula foni m'tauni, ku Katondo Street, nabwera nayo ku ofesi monga mwa lamulo la pano lakuti chipangizo chilichonse chilembetsedwe. Oyang'anira anakopera nambala m'buku, kenako anailowetsa mu rauta. Foniyo inkaliona dzina la netiweki, pasiwedi inali yolondola, koma imangolemba "Saved" n'kukhala chete. Mtsikanayo anakwera minibasi kubwerera kwa wogulitsa, ndipo kumeneko foni inalowa pa waifai ya m'sitolo nthawi yomweyo. Ndalama ya basi inapita, tsiku la kalasi linapita, ndipo mpaka lero akugula mabandulo pa ndalama ya ndiwo.

Wogulitsayo analibe mlandu. Vuto lili pa mndandanda umene rauta ya pa hositelo imagwiritsa ntchito posankha olowa. Chipangizo chilichonse cha waifai chimachoka ku fakitale ndi adiresi yake yotchedwa MAC, ya zilembo ndi manambala 12 olembedwa awiriawiri. Rauta ya pano anaitchera kuti izilola maadiresi okhawo amene ali pa mndandanda, ena onse iziwabweza ngakhale atadziwa pasiwedi. Kale njirayi inkayenda, chifukwa foni inkaonetsa adiresi imodzi kulikonse. Koma kuyambira pa Android 10, imene inatuluka mu 2019, ndi iOS 14 ya mu 2020, foni imadzipangira adiresi ina pa netiweki iliyonse, n'cholinga choti eni masitolo ndi mabwalo a ndege asamatsate mwini wake kumene wapita. Izi zimabwera zoyatsidwa kale. Ndiye ofesi imalemba adiresi ya ku fakitale, foni imafika pa rauta ndi adiresi ina, rauta n'kuiyesa mlendo wosadziwika.

Ophunzira afufuza okha, ndipo pa foni ya mtsikanayo umboni unaoneka poyera. Adiresi ya ku fakitale, imene imapezeka pa "About phone", ndi imene inali m'buku. Atatsegula tsatanetsatane wa netiweki ya hositelo anapeza ina yosiyana kotheratu. Pali chizindikiro chosavuta chozindikirira adiresi yodzipangira: chilembo chake chachiwiri chimakhala 2, 6, A kapena E. Mwachitsanzo:

```
DA:4F:19:7C:02:B3
```

Apa chachiwiri ndi A, choncho adiresiyi si ya ku fakitale. Oyang'anira atatsegula zolemba za rauta, pamene pamaoneka zipangizo zimene zayesa kulowa, angathe kupeza maadiresi otere akubwezedwa usiku uliwonse, ndipo eni ake ali m'zipinda zomwezi.

Palinso cholakwika china chimene ophunzira achiona m'bukumo: pa mayina ena munalembedwa IMEI, nambala ya manambala 15 imene imatuluka munthu akaimba *#06#. Imeneyo ndi ya makampani a mafoni pa netiweki ya simu. Rauta ya waifai siiona n'komwe, ndipo kuilemba sikutsegulira aliyense.

Mankhwala a mbali ya foni ndi a mphindi ziwiri, ndipo n'zopweteka kuti palibe anawauza. Pa foni za Samsung, munthu amatsegula zosankha za netiwekiyo, n'kusintha "MAC address type" kuchoka pa "Randomized MAC" kupita pa "Phone MAC". Pa foni zina za Android mawu ake ndi "Use device MAC" pansi pa "Privacy". Pa iPhone amadina kachilembo ka i pambali pa dzina la netiweki n'kuzimitsa "Private Wi-Fi Address". Kusinthaku kumakhudza netiweki imodzi yokhayo, kwina konse foni imapitiriza kudzibisa. Njira ina ndi yoti ofesi ilembe adiresi yodzipangirayo, koma pamenepo pali msampha. Hositelo ili ndi mayina awiri a netiweki, la kumtunda ndi la pansi, ndipo foni imapanga adiresi yosiyana pa dzina lililonse. Komanso iPhone ya iOS 18 ikaikidwa pa "Rotating" imasintha adiresi pakapita milungu iwiri, moti wolembetsa lero amadzapezeka panja mwezi usanathe.

Si onse okanidwa amene vuto lawo ndi mndandanda, ndipo ophunzira sakufuna kuti ofesi ikonze chimodzi n'kunena kuti zatha. Foni zina zimadutsa pa pasiwedi koma zimaima pa "Obtaining IP address", makamaka madzulo aliyense akabwerera. Pamenepo nthawi zambiri ndiye kuti rauta yatha manambala a IP amene imabwereketsa kwa zipangizo. Marauta ambiri a m'nyumba amabwera atatcheredwa kupereka manambala pafupifupi 100 okha, mwachitsanzo kuyambira 192.168.0.100 mpaka 192.168.0.199, ndipo nambala ikabwerekedwa imakhala yosungidwa mpaka nthawi yake itatha, ngakhale mwini foni atapita ku Kabwata. Aliyense akakhala ndi foni ndi laputopu, manambalawo sachedwa kutha, ndipo wobwera kumene ndi amene amasowa. Pa iPhone chizindikiro chake ndi nambala yoyamba ndi 169.254. Kukulitsa mpata wa manambalawa pa zosankha za DHCP za rauta ndi kufupikitsa nthawi yobwereketsa kukhala maola awiri kapena anayi sikufuna kugula kanthu.

Ophunzira akumvetsa chimene eni nyumba akuopa. Pasiwedi ikangotuluka pa geti, oyandikana nawo onse amamwa pa chitsime chimene ena akulipirira. Koma mndandanda wa MAC sutseka mpata umenewo, chifukwa maadiresiwa amayenda mumlengalenga osabisidwa, ndipo wodziwa makompyuta angathe kukopera adiresi yololedwa n'kulowa nayo. Amene mndandandawo ukumutsekera ndi wolipira lendi wokhulupirika amene wangosintha foni.

Pa zifukwa zimenezi, ophunzira akupempha kuti onse amene foni zawo zakanidwa alembetsedwenso sabata ino, mwini foni ali pomwepo, ndipo asachoke mu ofesi mpaka foni italowadi. Akupempha kuti malangizo osinthira adiresi amatidwe pa bolodi la zidziwitso, ndi kuti pakhale munthu wolembetsa madzulo ndi Loweruka, pakuti masana a sabata onse amakhala ku makalasi. Buku la mayina ndi manambala lisamasiyidwenso pa tebulo pamene aliyense angalijambule. Pofika temu yamawa, akufuna kuti mndandandawu ulowedwe m'malo ndi dzina ndi pasiwedi ya munthu aliyense payekha, yolola zipangizo ziwiri, kuti wogula foni yatsopano azingolowa yekha. Amene akhala mwezi wathunthu osalandira waifai imene analipira, achotseredwe gawo limenelo pa lendi yotsatira.

Mayeso ali pafupi. Ophunzira akupempha mwaulemu kuti eni nyumba ayankhe molemba pasanathe masiku 7, ndipo abwere ndi amene anatchera rautayo kuti adzakumane nawo pa hositelo pano.