Kodi dzina la mpunga wanu likudziwika?

Gulu la alimi a ku Kaporo lomwe limalongedza mpunga wa Kilombero m'mapaketi likhoza kuyeza kutchuka kwa dzina lake ndi kope ndi bolopeni basi. Tumani achinyamata awiri, osavala malaya a gululo, akafunse ogula 100 pamsika wa Karonga, padepoti ndi ku Uliwa, m'Chingonde kapena m'Chitumbuka. Ayambe osatchula dzina lililonse: "Ndi mpunga uti wam'paketi umene mumaudziwa?" Akatero awawerengere maina asanu, kuphatikizapo lanu, la NASFAM ndi lina longopeka. Lopekali musalisiye, chifukwa anthu athu safuna kukhumudwitsa mlendo. Tiyerekeze kuti 40 avomera dzina lanu, koma 15 avomeranso lopeka lija: pamenepo okudziwani zenizeni sakufika 30. Pofuna kudziwa mpunga umene amaukonda, funsani umene anagula komaliza ndi chifukwa chake, popeza pakamwa pamatamanda fungo pomwe thumba limatsata mtengo. Pa anthu 100, zotsatira zikhoza kuphonya ndi 10 uku kapena uku, choncho mukadzabwereza pakatha miyezi isanu ndi umodzi, kuchoka pa 30 kufika 34 musakutenge ngati kukwera.

Wolemba: Mwana wa ku Ngerenge