Asamuke ndi Bwanayo, Osati Wodandaula

Mtsikana wina kuntchito kwathu anadandaula kuti bwana amamugwiragwira. Sabata isanathe anamusamutsira kunthambi ina, ati kumuteteza. Nanga bwanayo? Ali phee pampando, akusainirabe matchuthi a mboni zomwezo. Ndani angayankhule pamenepo?

Inu olemba ntchito, kumeneko n'kubwezera. Dandaulo likabwera, lilembeni tsiku lomwelo. Wofufuza asakhale mnzake wa bwanayo kapena munthu wa pansi pake. Amve aliyense payekha, asunge mauthenga a pafoni, ndipo bwanayo ayambe wakhala pambali mpaka kafukufuku athe.

Zoti "tikambirane ngati banja" zisiyeni. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limamulola mtsikanayo kupita kukhoti osadikira komiti yanuyo.