"Zafika!" si kufotokoza katundu

Anzathu ambiri ogulitsa nsapato za kaunjika pa Facebook amaponya chithunzi, mtengo n'kuumata pachithunzi pomwepo ndi tizilembo tofiira, m'munsi n'kungolemba kuti "Zafika!" basi. Kwa ine, kumeneko n'kupirikitsa kasitomala.

Munthu amene amaona movutikira, monga ambiri mwa anzathu achialubino, amakulitsa zilembo pafoni, ndipo ena amayatsa TalkBack kuti foni iziwawerengera. Mawu olembedwa pansi pa chithunzi amakula ndiponso amawerengeka bwinobwino, pomwe omatidwa pachithunzi amakhalabe tating'ono. Facebook imayesa kufotokoza chithunzi payokha, koma nthawi zambiri imangonena kuti mwina pali nsapato. Yachikopa kapena yapulasitiki, zimenezo siikuuzani.

Choncho lembani ngati mukuuza munthu pafoni: "Nsapato zachimuna zakuda, zachikopa, zomanga ndi zingwe, saizi 42. Zidendene sizinadyeke, koma yakumanzere inakalika pang'ono kutsogolo. K25,000, ndili ku Zomba."

Pamene panakalikapo musabise. Woona bwino apaona yekha akakulitsa chithunzi, koma winayo adzapadziwa ndi chala, ndalama atatumiza kale pa Mpamba.