ZA M'BANJA: Mkanjo wobvekedwa pa chithunzithunzi

Mwezi uno tibwera kwa inu ndi funso limene mai wina wa kufupi ndi Phalula anatifunsa. Mwana wache wamkazi anatsiriza maphunziro a dipuloma, nakhoza bwino. Koma tsiku lolandira satifiketi litafika, ndalama ya ulendo ndi yobwerekera mkanjo inasowa, ndipo mwanayo anakhala pa mudzi. Satifiketi anailandira pambuyo pache, koma pa khoma la nyumba palibe chithunzithunzi cha mwana wobvala mkanjo ndi chisoti, monga tiona m'nyumba za iwo amene ana ao analowa mu Great Hall ku Zomba. Tsono maiyo anamva kuti wojambula akhoza kubveka mwanayo mkanjo pa kompyuta, ndipo anati: "Kodi ndikatero, sindidzakhala ndanama?"

Funsoli si la nyumba imodzi yokha ai. M'chaka cha 2020, pamene sukulu za m'Malawi zinatsekedwa mwezi wa Marichi chifukwa cha mliri wa Kovidi, ophunzira ambiri, kuno ndi ku maiko ena, anadikira mwambo wao nthawi yaitali. Alipo enanso amene anadwala pa tsikulo, ndi ena amene imfa inawatenga atatsiriza kale mayeso. Yankho lathu ndi ili: chithunzithunzi chotere chiri chabwino, ngati mwini wache anatsirizadi maphunziro, ndiponso ngati chithunzicho chinena chokha kuti chinakonzedwa. Tiyeni tione m'mene nchitoyi ichitidwira.

Poyamba pafunika chithunzi chabwino cha munthuyo, pakuti wokonza sangathe kuika nkhope imene kamera siinagwire. Dzuwa la ku Phalula liri laukali, ndipo la masana lichita mithunzi yakuda m'maso ndi kunsi kwa mphuno. Chifukwa chache jambulani m'mawa, pa khonde, munthu ataima patsogolo pa khoma lopanda zolemba. Ayang'ane kutsogolo, mapewa ali olingana, mutu wosapendeka, popeza mikanjo imene okonza ali nayo m'makompyuta ao yambiri inajambulidwa choyang'ana kutsogolo. Asabvale duku kapena kumanga tsitsi lalitali pamwamba pa mutu, chifukwa chisoti chidzasowa pokhala.

Potumiza chithunzicho kwa wokonza, chenjerani. WhatsApp ichepetsa chithunzi chimene chitumizidwa mwa masiku onse, ndipo pochitsuka chachikulu nkhope ioneka ngati ya mu nkhungu. Chitumizeni ngati `Document`, kuti chifike chathunthu. Chithunzi chiri chonse cha m'foni chinapangidwa ndi timadontho tating'onoting'ono, ndipo otsuka afuna timadontho 300 pa inchi imodzi kuti chioneke bwino m'manja. Kotero chithunzi cha mainchi 8 m'lifupi ndi 10 m'litali chifuna timadontho 2400 ndi 3000. Ngati chanu chichepa kwambiri pa muyeso umenewu, tsukani chaching'ono. Kuli bwino nkhope yooneka m'felemu yaing'ono koposa yosadziwika m'felemu yaikulu.

Wokonza agwira nchito yache ndi pulogalamu yonga Photoshop kapena GIMP. Aika munthu pansi, mkanjo pamwamba pache, ndi chisoti pamwamba penipeni, monga mapepala osanjikizana, amene pa kompyuta alembedwa `Layers`. Musanalipire, yang'anani malo atatu. Loyamba ndi khosi: mkanjo ukhale pa mapewa, ndipo mutu usakule kapena kuchepa poyerekeza ndi thupi. Lachiwiri ndi mphumi: chisoti chenicheni chitsikira pa mphumi, chibisa tsitsi lapamwamba, ndi kuchita kamthunzi kunsi kwache, popanda kamthunziko chioneka choyandama ngati mbale yoikidwa pa mutu. Lachitatu ndi kuwala: ngati tsaya lamanzere ndilo lowala, phewa lamanzere la mkanjo liwalenso, ndi mphonje ya chisoti momwemonso.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Mkanjo wa sukulu yaukachenjede ulankhula. Nsalu ija yolendewera pa mapewa ndi kumbuyo iri ndi mitundu yache, imene ionetsa digiri kapena mtundu wa maphunziro, ndipo sukulu iri yonse iri ndi malamulo ache pa zimenezi. Mukabveka mwana wa dipuloma chobvala cha dokotala wa maphunziro chifukwa chiri chofiira ndi chokongola, mwamnenera ulemu umene sanaulandire. Kwa mai uja tinati: sankhani mkanjo wakuda wamba ndi chisoti chakuda, wopanda chizindikiro cha sukulu, ndipo kumbuyo kukhale nsalu chabe, osati nyumba ya mwambo kapena mkulu wopereka satifiketi. Mwanayo sanaimepo pamenepo, tisamuimikepo.

Tsopano tifika pa mutu wa nkhani yathu, ndiwo mau olembedwa. Ena ati, tidzalemba kuseri kwa chithunzi. Koma kuseri kubisika m'felemu, ndipo palibe mlendo amene atsitsa felemu pa khoma kuti awerenge. Ena ati, tidzanena pakamwa, kapena tidzalemba kunsi potumiza pa foni. Koma chithunzi chiyenda chokha: mlongo achitumiza kwa malume ku Joni, malume kwa mnzao, ndipo mau atsalira m'njira. Zaka zikapita, amene anadziwa chiyambi chache adzakhala atagona, ndipo adzukulu adzalumbira kuti agogo anabvaladi mkanjo umenewo. Chifukwa chache mau akhale m'kati mwa chithunzi chenichenicho.

Asalembedwenso m'mphepete mwenimweni, popeza mlomo wa felemu uphimba mamilimita angapo, ndipo munthu akhoza kudula mphepete pa foni ndi chala chimodzi. Alembedwe pa mkanjo pomwe, cha kunsi, monga masentimita 2 kuchokera pa mapeto a chithunzi, ndi malemba oyera pa nsalu yakudayo. Pa chithunzi cha mainchi 8 ndi 10 malembawo asachepe mamilimita 5 msinkhu wao. Muyeso wabwino ndi uwu: patsani agogo felemu m'manja, akawerenga osafinya maso, malembawo akwana. Mau amene tinapangana ndi maiyo ndi awa: "Chithunzi chokonzedwa: mkanjo ndi chisoti nzoonjezera. Chikumbutso cha banja." Kunsi kwache analembetsa dzina la mwana ndi chaka chimene anatsiriza.

Potsiriza, sungani chithunzi choyamba chija chosakonzedwa, kuti wofunsa achione. Mwini nkhope abvomere yekha musanayambe. Ndipo ngati ali womwalira, banja lonse lipangane. Chithunzi chimenechi nchapakhoma. Chisapite pa kalata yofunsira nchito, pakuti umboni wa maphunziro ndi satifiketi, si mkanjo. Ndipo iye amene sanatsirize, msambveke mkanjo wa otsiriza, ngakhale ndi mau olembedwa. Kupatula kamwana ka ku sukulu ya mkaka, kamene aliyense aona kuti nchisangalalo chabe.

Mwina mudzati, kodi mau aja saononga kukongola? Mai wathu anaopa chomwecho. Koma tsopano mlendo akawerenga, afunsa chifukwa chache, ndipo maiyo afotokoza za tonde amene anagulitsa ndi mbuzi zina zimene zinatsatira, kufikira khola linatsala lopanda kanthu pa tsiku la mwambo. Atatero aturutsa satifiketi m'sutikesi, naionetsa wosachita manyazi.