Zimene mapepala a pachipata cha Dedza amaulula ndi zimene amabisa

Chikwangwani cha kampani chikhoza kulonjeza chilichonse: feteleza, simenti, soya. Wofuna kudziwa katundu amene kampaniyo imayendetsadi angapindule kwambiri ataona mapepala amene imasiya pachipata cha Dedza, pomwe mathiraki ochokera ku Beira amalowera akadutsa pa Calomue.

Katundu aliyense wolowa kapena wotuluka mwalamulo amalembetsedwa ku MRA m'makina a ASYCUDA World. Pachikalatapo pamakhala dzina la mwini katundu, kulemera kwake, mtengo wake, komwe wachokera, ndi nambala ya mtundu wake yomwe ndi yofanana m'maiko onse. Soya ndi 1201, chimanga ndi 1005, kaunjika ndi 6309.

Tiyerekeze kuti kampani ikupempha ngongole kubanki, ikuti chaka chatha idagulitsa kunja matani 3,000 a soya. Thiraki imodzi imanyamula matani pafupifupi 30, omwe ndi matumba 600 a makilogalamu 50. Ndiye kuti mapepala ayenera kusonyeza mathiraki pafupifupi 100, ambiri mwa iwo atatuluka m'miyezi yotsatira kukolola. Payeneranso kupezeka chilolezo cha unduna wa zamalonda, ndi zikalata zomwe Reserve Bank imalondolera nazo ndalama zakunja. Mukapezeka mathiraki asanu ndi awiri okha a soya, pomwe mabelo a 6309 akulowa mwezi ndi mwezi, wabanki wazindikira kuti akukambirana ndi wogulitsa kaunjika.

Komabe amene amakayikira njirayi ali ndi mfundo zawo, ndipo si zachibwana. Choyamba, dzina lili pachikalata nthawi zina si la mwini malonda weniweni. Amalonda ang'onoang'ono amasonkhana n'kudzaza thiraki imodzi m'dzina la mmodzi, wina n'kuoneka wamkulu pomwe wangobwereketsa dzina. Ena amalemba mtengo wotsika, kapena nambala ya katundu wa msonkho wochepa. Chinyengo chotere chimagwidwa poyerekeza ndi zomwe dziko linalo lidalemba, ngakhale kusiyana pang'ono n'kosadabwitsa, poti mtengo wa katundu wolowa umaphatikiza mayendedwe ndi inshulansi.

Vuto lalikulu ndi malire enieniwo. Kuchoka pa Dedza kulowera ku Lizulu ndi Biriwiri, msewu wa M1 ukuyenda m'mphepete mwa Mozambique, ndipo mbatatesi, nyemba ndi chimanga cha ku Angonia zimaoloka panjinga ndi pangolo popanda chidindo. Kampani yogula matumba mazanamazana pamsika wa Lizulu ikugulitsa ndithu katundu wakunja, koma m'makina a MRA mulibe dzina lake.

Mapepalawanso sapatsidwa kwa aliyense. Ofesi ya NSO ku Zomba imatulutsa ziwerengero za dziko lonse, osati za kampani imodziimodzi, kotero wofufuza ayenera kupempha eni akewo kuti amuonetse zikalata zawo.

Poyeza zonsezi, zikalatazi n'zamphamvu potsutsa bodza la kampani yodzitama kuti imatumiza zambiri kunja, chifukwa mathiraki 100 sangadutse pachipata osasiya chizindikiro. Potsimikiza kuti kampani sigwira katundu wina wake, mphamvu zake n'zochepa, ndipo wabanki uja ayenerabe kupita kukawerenga matumba m'nyumba yosungiramo katundu.