Dokotala wa M'nthano Ija Sanalakwe

Akonzi,

Pali amene ananyoza nthano ina ya ophunzira zachipatala, ponena kuti dokotala wa m'nthanoyo wokayikira mutu wa nkhani ya mankhwala ozizwitsa ngouma mtima, koma alakwitsa ndithu. Pakuti m'chaka cha 2020, pamene haidrokisikolorokwini anatamandidwa ngati mpulumutsi wa odwala Kovidi chifukwa cha kafukufuku wa ku Marseille wa anthu osakwana 40, amene anawerenga kuchepa kwa kachilombo m'mphuno osati kuchira kwa munthu, kafukufuku wamkulu wa ku Britain, wogawa odwala mwa maere, anapeza kuti mankhwalawo sachepetsa imfa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ophunzira azifunsa: anayesedwa angati, ndipo anayerekezedwa ndi yani?

Ine wanu,
Namwino wopuma ntchito, Zomba.